Ng'ombe yasanduka ngâ€™ombe: chimachitika n'chiyani m'fayilo?

Mlembi wa gulu lina la alimi a mkaka anabwera kwa ine ndi laputopu m'manja, nkhope ili yakugwa. Anali atalandira fayilo ya mndandanda wa ziweto za mamembala kuchokera kwa mlangizi, ndipo ataitsegula mu Excel anapeza kuti paliponse pamene panayenera kulembedwa mawu akuti ng'ombe panali `ngâ€™ombe`. Pamutu pa mndandandawo, dzina la dziko linkawerengeka kuti `MalaÅµi`. Iye anali atagamula kale mlandu. "Achimwene, kompyuta yanga yalowa vayirasi," anatero. Ankafuna ndimuchotsere zonse n'kuikamo Windows yatsopano.

Ndinamufunsa mafunso atatu: dzina la fayiloyo likuthera pa zilembo ziti, inapangidwa ndi pulogalamu iti, ndipo iye anaitsegula bwanji. Ndinaona kuti mafunsowo akumutopetsa. Munthu akabwera ndi vuto amafuna mankhwala, safuna kufunsidwa ngati ali kupolisi. Koma aliyense wodziwa za makompyuta amafunsa mafunso omwewa, ndipo sikuti amatero pofuna kuzemba ntchito. Mankhwala ake ali m'mayankho a mafunsowo.

Mkati mwa fayilo mulibe zilembo. Mulibenso zithunzi kapena nyimbo. Muli manambala okhaokha ondandalikidwa, ndipo nambala iliyonse imakhala pakati pa 0 ndi 255. Nambala imodzi yotere amaitcha bayiti. Fayilo ya makilobayiti 20 ndi mzere wa manambala pafupifupi 20,000, basi. Kuti manambalawo aoneke ngati kalata kapena chithunzi cha ukwati, pulogalamu yowerenga iyenera kuwamasulira mogwirizana ndi mmene pulogalamu yolemba inawasanjira. Pali mapangano awiri amene amafunika pamenepa. Loyamba ndi fomati, kutanthauza kamangidwe ka fayilo yonse: chiyambi chili pati, mawu ali pati, zithunzi zili pati, mathero ali pati. Lachiwiri ndi enikodingi, kutanthauza kaundula wonena kuti nambala yakuti ikuimira chilembo chakuti. Pangano loyamba likasemphana, kawirikawiri fayilo imakana kutseguka. Lachiwiri likasemphana, fayilo imatseguka bwinobwino koma mawu ena amasanduka zinthu zachilendo. Vuto la mlembi uja linali lachiwirili.

Kaundula wakale amene makompyuta ambiri anagwirizanapo ndi ASCII, amene anatuluka ku America mu 1963. Ali ndi malo 128 okha, kuyambira 0 mpaka 127. Mmenemo A wamkulu ndi 65, a wamng'ono ndi 97, ndipo kachizindikiro kowongoka kamene timaika mu m'mudzi ndi mu ng'oma ndi 39. Kaundulayu anapangidwira Chingelezi, choncho zilembo zokhala ndi tizipewa ndi timichira sanaziganizire. Popeza bayiti imafika pa 255, panatsala malo ena 128 opanda mwini, ndipo dera lililonse linawagawa mwa njira yake. A ku Ulaya wa kumadzulo anaikapo zilembo zawo, Agiriki zawo, a ku Russia zawo. Nambala imodzi yomweyo inayamba kutanthauza zilembo zosiyana malinga ndi kaundula amene wagwiritsidwa ntchito. Makompyuta a Windows oikidwa m'Chingelezi, monga ambiri amene timagwiritsa ntchito kuno, anatenga kaundula wotchedwa Windows-1252, amene m'mapulogalamu ena amangolembedwa kuti ANSI.

M'kaundula ameneyu mulibe ŵ, chilembo cha kachipewa chimene timachiona m'dzina la Malaŵi ndi m'mabuku ambiri a Chichewa ndi Chitumbuka. Chilembochi tili nacho limodzi ndi anthu a ku Wales, amene amachilembanso m'chinenero chawo, ndipo vutoli nawonso linawakhudza. Njira yothetsera chisokonezo chonsechi inali Unicode, kaundula mmodzi wa zilembo za zinenero zonse, amene anayamba kutuluka mu 1991. Mmenemo ŵ ali pa nambala 373. Koma 373 ndi yoposa 255, ndiye singakwane m'bayiti imodzi. Mu 1992 akatswiri awiri, Ken Thompson ndi Rob Pike, anakonza njira yolembera manambala a Unicode yotchedwa UTF-8, imene lero ndi yofala kwambiri pa intaneti ndi m'mafoni. Nzeru yake ndi iyi: zilembo zakale 128 zija zimakhalabe ndi bayiti imodzi ndi nambala yake yomwe ija, pamene zilembo zina zonse zimatenga mabayiti awiri, atatu kapena anayi.

Tsopano tione zimene zinachitikira dzina la dziko lathu m'fayilo ya mlembi. Mawu akuti Malaŵi ali ndi zilembo 6, koma mu UTF-8 amatenga mabayiti 7, chifukwa ŵ amalembedwa ndi manambala awiri, 197 ndi 181:

```
M   a   l    a   ŵ        i
77  97  108  97  197 181  105
```

Pulogalamu yodziwa kuti ikuwerenga UTF-8 ikafika pa 197 imadziwa kuti nambalayi siili yokha, imatenga ndi yotsatirayo n'kutulutsa chilembo chimodzi. Koma Excel ya mlembi inawerenga fayiloyo ndi kaundula wa Windows-1252, mmene bayiti iliyonse ndi chilembo pachokha. Mmenemo 197 ndi `Å` ndipo 181 ndi `µ`. Ndiye inalemba mokhulupirika zimene kaundula wake amanena: `MalaÅµi`. Onani kuti M, a, l ndi i sizinakhudzidwe, chifukwa manambala ake ndi ofanana m'makaundula onse awiri. N'chifukwa chake vutoli limabisala. Tsamba lonse likhoza kuoneka labwino, n'kungopunduka pa mawu awiri kapena atatu.

Nanga ng'ombe inalakwa chiyani, poti mulibe ŵ? Apa ndiye pamene Chichewa chimapwetekeka kwambiri, pakuti n'kovuta kulemba ndime imodzi popanda m', n' kapena ng'. Tanena kuti kachizindikiro kowongoka ndi nambala 39, ndipo kameneka sikavuta kulikonse. Koma Word ndi mafoni ena amakasintha okha pamene mukulemba, n'kuikapo kopindika kooneka ngati kambedza, kuti tsamba lioneke ngati losindikizidwa m'buku. M'maso mwa munthu n'chinthu chimodzi. Kwa kompyuta kopindikako ndi chilembo china, nambala 8217 mu Unicode, ndipo mu UTF-8 kamalembedwa ndi mabayiti atatu: 226, 128 ndi 153. Mu Windows-1252, 226 ndi `â`, 128 ndi chizindikiro cha ndalama ya yuro `€`, ndipo 153 ndi `™`. Mukaziphatikiza mupeza `ngâ€™ombe`. Ajapani, amene avutika ndi zimenezi kuposa ife chifukwa zilembo zawo n'zambirimbiri, anazipatsa dzina lakuti mojibake, ndipo akatswiri a m'mayiko ena anabwereka dzinalo.

Chimene chimandisangalatsa pa zilembo zachilendozi n'chakuti sizibwera mwachisawawa. Zili ngati mapazi a nyama m'munda: wodziwa amayang'ana n'kunena kuti wadutsa pano ndi nguluwe, osati nyani. Mukaona chilembo chimodzi chasanduka ziwiri kapena zitatu, zoyamba ndi `Å`, `Ã` kapena `â`, dziwani kuti fayilo ya UTF-8 yawerengedwa ndi kaundula wakale. Manambala ake ali bwinobwino, palibe chimene chaonongeka, ndipo chofunika n'kungouza pulogalamu kaundula wolondola.

Funso lotsatira n'lakuti, bwanji pulogalamu singodziwa yokha? Yankho lake lili pa fomati. Fayilo ya mlembi inali ndi dzina lothera pa `.csv`. Fayilo yotere ndi mawu wamba: mzere uliwonse ndi munthu mmodzi kapena chiweto chimodzi, ndipo zigawo zake zimalekanitsidwa ndi koma. Ilibe malo olembapo kuti ine ndalembedwa ndi kaundula wakuti. Choncho pulogalamu imangoganiza, ndipo Excel mukaitsegulira fayilo ya CSV podina kawiri imakonda kuganiza kuti ndi ya kaundula wakale wa kompyutayo. Mapulogalamu ena amaika mabayiti atatu apadera, 239, 187 ndi 191, kumayambiriro kwa fayilo ngati chikwangwani chonena kuti zotsatirazi ndi UTF-8. Excel ikaona chikwangwanicho imawerenga bwino. Fayilo ya mlangizi inalibe. Chikwangwanichi nachonso chili ndi tsoka lake, chifukwa pulogalamu yosachidziwa imachisonyeza ngati `ï»¿` patsogolo pa mawu oyamba.

Kukonza kwake kunatitengera mphindi zosakwana zisanu. Tinatseka fayiloyo osasunga chilichonse. Tinatsegula Excel yopanda kanthu, tinapita pa `Data`, kenako `From Text/CSV`, n'kusankha fayiloyo. Pakabokosi kolembedwa `File Origin` tinasintha n'kuika `65001: Unicode (UTF-8)`. Pomwepo ng'ombe zonse zinabwerera m'khola. Posunga tinasankha `.xlsx`, fomati ya Excel yeniyeni, imene imanena yokha enikodingi yake mkati. Amene akufunabe CSV angasankhe `CSV UTF-8 (Comma delimited)`, imene imaika chikwangwani chija. Njira yolowetsera fayiloyi ilinso ndi phindu lina: mukhoza kuuza Excel kuti gawo la manambala a foni ilitenge ngati mawu, apo ayi imameza ziro woyamba uja, nambala yoyamba ndi 099 n'kutsala ikuyamba ndi 99.

Ndanena kuti tinatseka osasunga, ndipo mfundo imeneyi ndi imene ndimalimbikira kwambiri. Mlembi akanadina batani losunga pamene zilembo zinali zosokonekera, Excel ikanatenga `Å` ndi `µ` ngati zilembo zenizeni zimene mwini wake akufuna. Fayilo yotere ikasungidwa mu UTF-8, chilembo chilichonse mwa ziwirizo chimatenga mabayiti ake awiri. Wina akaitsegulanso molakwika, dzina lija limatuluka kuti `MalaÃ…Âµi`. Ulendo uliwonse zinyalala zimachulukirachulukira. Ndinaonapo mndandanda umene unadutsa m'manja mwa anthu angapo, mmene kachizindikiro kamodzi ka mu ng'oma kanakula n'kukhala kamzere ka zilembo kotalika kuposa mawu enieniwo. Zotere zimatheka kubwezeretsa, koma pamafunika munthu woleza mtima wobwerera m'mbuyo sitepe ndi sitepe.

Pali mapazi ena amene amanena nkhani yoipa kuposa apa. Mukaona `Mala?i`, funso lili pamalo pa ŵ, ndiye kuti wina anasunga mawuwo m'kaundula wopanda chilembocho. Pulogalamu inasowa nambala yoti ilembe, ndiye inaika 63, nambala ya chizindikiro cha funso. Mapulogalamu ena amangovula kachipewako mwakachetechete n'kusiya w wamba. Apa palibe kaundula amene angabwezere ŵ, chifukwa nambala yake kulibenso m'fayilomo. Muyenera kupeza kope loyambirira kapena kukonza pamanja. Mukaona kadayamondi kakuda kokhala ndi funso mkati, `ng�ombe`, ndiye kuti zachitika mobwerera: fayilo ya kaundula wakale yawerengedwa ngati UTF-8. Mu Windows-1252 kambedza kaja ndi bayiti imodzi, 146, ndipo m'malamulo a UTF-8 nambala imeneyi singayambe chilembo, choncho pulogalamu imaika kadayamondi kusonyeza kuti yagonja. Fayilo ikadali yabwino malinga ngati simunasunge. Mukasunga, kadayamondi kamakhazikika ndipo chilembo chenicheni chimapita.

Ndiye pali kabokosi kopanda kanthu. Ameneyu ambiri amamusokoneza ndi enikodingi, koma ndi matenda ena. Kompyuta yawerenga nambala molondola, ikudziwa kuti pamenepa ndi ŵ, koma fonti imene mwasankha, ndiye kuti kalembedwe ka zilembo, ilibe chithunzi cha chilembocho. Zimachitika kawirikawiri ndi mafonti okongoletsa a pa makadi a ukwati ndi mapulogalamu a maliro. Sinthani fonti n'kuika Arial kapena Times New Roman, chilembo chibwera.

Tsopano tibwere ku fayilo yokaniratu kutseguka. Zilembo za kumapeto kwa dzina, monga `.pdf`, `.docx` kapena `.jpg`, zili ngati mawu olembedwa pa thumba. Thumba lolembedwa feteleza likhoza kukhala ndi chimanga mkati, ndipo pamudzi tonse timadziwa kuti nthawi zambiri zimakhaladi choncho. Windows imayang'ana zilembo zimenezi posankha pulogalamu yotsegulira fayilo, koma pulogalamuyo ikayamba kuwerenga imayang'ana zamkati. Ikapeza kuti kamangidwe sikakugwirizana ndi kamene imayembekezera, imanena kuti fayilo ndi yoonongeka, ngakhale kuti mwina ndi yabwinobwino koma ya mtundu wina. N'chifukwa chake kusintha dzina kuchoka pa `.docx` kupita pa `.pdf` sikusandutsa kalata kukhala PDF. Ndaona ofunsira ntchito akuchita zimenezi atauzidwa kuti atumize kalata mu PDF, ndipo wolandira amangopeza fayilo yosatseguka. Njira yoyenera ndi `Save As` kapena `Export` mkati mwa Word, chifukwa imeneyi imamanganso manambala onse mwatsopano. Chovutitsa china n'chakuti Windows imabisa zilembo za kumapetozi mpaka mutaziyatsa nokha pa `View`, pamene palembedwa `File name extensions`.

Mukhoza kusuzumira m'thumbamo nokha. Pangani kope la fayilo yovutayo, n'kulitsegula ndi Notepad. Zambiri zidzaoneka ngati zolemba za nkhuku, ndipo musadabwe nazo: Notepad ikungomasulira manambala a chithunzi kapena a zinthu zopanikizidwa ngati kuti ndi zilembo. Inu yang'anani zilembo zoyambirira zokha, chifukwa mafomati ambiri ali ndi chidindo chawo pachiyambi. PDF yeniyeni imayamba ndi `%PDF-`. Chithunzi cha PNG chili ndi mawu akuti `PNG` pachiyambi pomwe. Fayilo ya `.docx` kapena `.xlsx` imayamba ndi `PK`, zilembo zoyamba za dzina la Phil Katz, amene anapanga fomati ya ZIP. Zili choncho chifukwa kuyambira pa Office 2007, kalata ya Word ndi mtolo wa ZIP wokhala ndi timafayilo tambiri mkati. Mukasintha dzina la kope lanu kuti lithere pa `.zip` n'kulitsegula, mudzapeza chikwatu chotchedwa `word`, ndipo mawu a kalata yanu ali mu `document.xml`. Fomati yakale ya `.doc` inali yomangidwa mwa njira ina kotheratu, n'chifukwa chake Word yakale kwambiri siitha kuwerenga `.docx` popanda chowonjezera.

Kusuzumira kotere kumaulula zambiri. Tiyerekeze kuti mwakopera fomu ya PDF pa intaneti, koma ikukana kutseguka. Mukaiona mu Notepad n'kupeza kuti ikuyamba ndi `<!DOCTYPE html>` kapena `<html`, ndiye kuti simunakopere fomu ayi. Mwakopera tsamba la intaneti, mwina lokuuzani kuti mulowe ndi mawu achinsinsi kapena kuti fayiloyo kulibe, ndipo lasungidwa ndi dzina la fomuyo. Kukula kwake kumakhalanso umboni, chifukwa buku la masamba 200 lokhala ndi zithunzi silingakhale makilobayiti 4.

Nthawi zina chiyambi chimakhala cholondola koma fayilo n'kukanabe, ndipo apa muyenera kukayikira mathero. Mtolo wa ZIP umasunga kalozera wa zamkati mwake kumapeto kwenikweni, ndipo PDF nayo imasunga kumapeto kalozera wake n'kutseka ndi `%%EOF`. Netiweki ikaduka fayilo isanathe kubwera, kapena magetsi akathima ikusungidwa, kapena mukazula fulashi isanamalize kulemba, mumatsala ndi mutu ndi thupi popanda kalozera. Word imaona `PK`, imapita kumapeto kukafuna kalozera, siimupeza, ndiye imanena kuti zamkati sizikuwerengeka. Mufunseni wotumiza kuti kwa iye fayiloyo ndi yaikulu bwanji. Ngati kwa iye ndi makilobayiti 850 ndipo kwa inu ndi 310, musataye nthawi ndi mapulogalamu okonzera mafayilo. Muuzeni atumizenso. Ngati ndi mabayiti 0, ndiye kuti muli ndi dzina lokha.

Palinso mafayilo amphumphu, a dzina lolondola, amene kompyuta yanu sinaphunzire kuwawerenga. Kuyambira mu 2017 mafoni a iPhone amasunga zithunzi mu fomati yotchedwa HEIC, ndipo kompyuta yakale ikalandira chithunzi chothera pa `.heic` imangoti kakasi. Chithunzicho sichinaonongeke. Wotumiza achisinthe kukhala JPEG, kapena wolandira aike chowonjezera chowerengera fomatiyo.

Kodi vayirasi siingachititse zoterezi? Ingathe, ndipo mlembi sanalakwe kuiganizira. Koma mapazi ake ndi osiyana. Vayirasi ya m'fulashi imakonda kubisa mafayilo n'kuika timafayilo tolozera m'malo mwake, ndipo ina yolanda mafayilo imatseka ambiri nthawi imodzi n'kusintha mayina awo. Vayirasi siisankha ŵ ndi kambedza n'kusiya zilembo zina zonse zili bwino. Chimene muyenera kuopa ndi fayilo yonamizira kukhala kalata koma dzina lake lonse likuthera pa `.pdf.exe`, ndipo ichi n'chifukwa china choyatsira zilembo za kumapeto zija.

Patapita masiku angapo mlembi uja anandiimbira foni. Mndandanda unkaoneka bwino, koma akafufuza mawu akuti ng'ombe, Excel inkapeza mizere yochepa kuposa imene iye ankaiona ndi maso. Ndinamupempha akulitse zilembo pa sikirini n'kuyang'anitsitsa pakati pa g ndi o. M'mizere ya mlangizi munali kambedza kopindika, nambala 8217, pamene m'mizere imene iye anawonjezera yekha munali kowongoka, nambala 39. Tinakopera kopindikako kuchokera mu mzere umodzi, tinakaika m'kabokosi ka `Find what`, tinalemba kowongoka mu `Replace with`, ndipo tinadina `Replace All`.